Nambala yofufutika pa lisiti si umboni wakuti munthu waba

Masiku ano lisiti silidikiranso tsiku la msonkhano. Munthu wotumidwa ku Chipata kukagula katundu wa kilabu, wa kopaletivu kapena wa komiti ya sukulu amalijambula akadali pa siteshoni, n'kulitumiza pa gulu la WhatsApp. Pamene galimoto ikufika ku Vubwi, anthu makumi awiri amakhala ataliona kale, ena ataweruza kale. Kutumiza chithunzi n'kwabwino, sindikutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi chizolowezi chimene chabwera nacho. Pa chithunzi pakangokhala nambala imodzi yofufutika, aliyense amaiwerenga monga mtima wake ukufunira, ndipo amene sagwirizana ndi msungichuma amaona 3 pamene mnzake akuona 8.

Ku wailesi kumene ndimathandiza madandaulo otere amafika, ndipo amafika atapsa kale: tiulutsireni kuti auje adya ndalama za gulu. Ukafunsa umboni, amakuonetsa foni. Maganizo anga ndi akuti munthu sayenera kutchulidwa wakuba, ngakhale kumunong'ona kumene, gulu lisanakhale pansi ndi pensulo n'kuchita masamu a lisitilo mpaka kumapeto. Nambala yofufutika siitanthauziridwa ndi maso. Imapezedwa ndi manambala ena amene ali pa pepala lomwelo, chifukwa lisiti limanena ndalama imodzi kangapo, m'njira zosiyana.

Tiyambe ndi chifukwa chake manambala amafufutika, popeza ambiri amaganiza kuti wina anachita kufufuta. Malisiti a m'makina a m'masitolo akuluakulu salembedwa ndi inki. Pepala lake lili ndi mankhwala amene amada akamva kutentha, ndipo makinawo amangotentha malo amene pakufunika chilembo. Mukafuna kutsimikiza, kandani msanga ndi chikhadabo pa lisiti lakale, muona mzere wakuda ukutuluka. Pepala lotere limaopa dzuwa, thukuta, mafuta ophikira ndi mafuta odzola. Tsono taganizirani ulendo wake. Mayi walipinda kanayi, walimanga pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi chenji, wakwera pamwamba pa matumba a simenti mwezi wa Okutobala, wagula vitumbuwa panjira. Likafika lili ndi banga, chodabwitsa n'chiyani? Pamwamba pa apo, WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti isadye mabandulo ambiri, ndipo tizilembo ting'onoting'ono ndi timene timayamba kuwonongeka. Kutambasula chithunzi ndi zala sikubweza zimene zatayika, kumangokulitsa bangalo.

Nditenge lisiti limodzi la kilabu ya amayi imene inkamanga khola la nkhuku. Maina a kilabu, sitolo ndi mayi amene anatumidwa ndawasiya dala, ndipo mitengoyi musaitenge ngati ya lero. Mayiwo anapatsidwa K4,000. Ananena kuti katundu anadya K3,205, thiransipoti ya iwo ndi katundu K450, n'kubweza K345. Pa chithunzi, banga la mafuta linatsika chopendekera n'kudya manambala anayi. Ndalemba chizindikiro cha funso paliponse pamene sipankawerengeka:

Simenti, matumba 6, limodzi K165.00, zonse K990.00
Malata 8, limodzi K1?5.00, zonse K1,160.00
Misomali, makilo ?, kilo imodzi K45.00, zonse K135.00
Waya wa khola, mpukutu 1, K?80.00
Penti, zitini 2, chimodzi K120.00, zonse K240.00
TOTAL K3,?05.00

Membala wina anayang'anitsitsa mzere wa waya n'kunena kuti ndi K380. Anaphatikiza mizere isanuyo n'kupeza K2,905. Kuchotsa K2,905 ndi K450 pa K4,000 kumatsala K645, pomwe mayi aja anabweza K345. Anatero kuti K300 yasowa, ndipo usiku womwewo nkhani inali itafika kale kwa apongozi a mayiwo. Masamu ake ophatikiza analibe vuto. Vuto linali lakuti anayamba ndi kusankha nambala, kenako n'kuchita masamu pa nambala yosankha yekhayo.

Njira yoyenera imayambira pa kukopera. Lembani lisiti lonse m'kope monga ndachitira pamwambapa, ndipo pamene simukuona bwino musalembepo chimene mukuganiza, lembanipo chizindikiro cha funso. Zikuoneka zazing'ono, koma ndiye pagona nkhani. Mukangolemba 3 ndi dzanja lanu, pakapita mphindi zisanu mumaiwala kuti munachita kulota, ndipo 3 uja amasanduka choonadi.

Kenako yendani mzere uliwonse chopingasa. Mzere wa lisiti uli ndi manambala atatu, kuchuluka kwa katundu, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse, ndipo awiri oyambawo akachulukitsidwa amabala wachitatu. Choncho mmodzi akafufutika, awiri otsalawo amamuulula. Malata 8 anadya K1,160, ndiye gawani 1,160 ndi 8, mupeza 145. Nambala yobisika ndi 4. Yesani ina muone: 135 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1,080, ndipo 155 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1,240, zonse sizikugwirizana ndi zimene zalembedwa. Misomali nayo chimodzimodzi. Pa chithunzi sizinkadziwika ngati ndi makilo 3 kapena 8, koma 135 kugawa ndi 45 ndi 3, pomwe makilo 8 akanadya K360. Mabanga awiri atha popanda kukangana ndi munthu. Mizere yooneka bwino nayonso iyeseni, musailumphe: 6 kuchulukitsa ndi 165 ndi 990, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 120 ndi 240.

Waya ndiye wovuta, chifukwa unali mpukutu umodzi. Katundu akakhala mmodzi, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse ndi nambala yomweyo, ndipo pa lisitili inalembedwa kamodzi kokha. Mzerewo sungadzichitire umboni. Apa m'pamene timatsika chotsetsereka. Phatikizani mizere inayi yodziwika: 990 ndi 1,160 ndi 2,150, kuwonjezera 135 ndi 2,285, kuwonjezera 240 ndi 2,525. Onjezeraninso 80 amene akuoneka pa mzere wa waya, mufika pa 2,605. Taonani kuti akuthera ndi 05, ndipo TOTAL nayo ikuthera ndi 05. Zimenezi zikutiuza kuti kumapeto kwa manambala kulibe vuto. Chatsala ndi mahandiredi okha.

Tsono funsani: pa 2,605 tiwonjezere mahandiredi angati kuti tifike pa nambala yoyamba ndi 3? Atatu sakukwana, chifukwa amatifikitsa pa 2,905 basi. Nambala yoyamba ya TOTAL inkaoneka bwinobwino kuti ndi 3. Ndiye kuti waya sunali K380, ndipo mlandu wa K300 unagwera pomwepo. Membala uja akanangotsitsa maso mizere iwiri akanaona yekha.

Koma musafulumire kuombera m'manja, chifukwa mayi aja sanayerebe. Waya ukhoza kukhala K480, TOTAL n'kukhala K3,005. Ukhoza kukhala K580, TOTAL K3,105. Ukhoza kukhala K680, K780, K880 kapena K980, ndipo iliyonse ili ndi TOTAL yake yoyamba ndi 3 n'kuthera ndi 05. Mayankho asanu ndi limodzi, onse ogwirizana ndi chithunzi. Apa ndiye malire a kuphatikiza. Banga limodzi pa mizere ya katundu limapezeka ndi TOTAL, ndipo TOTAL yofufutika imapezeka ndi mizere ya katundu, koma zonse ziwiri zikafufutika pa malo amodzimodzi, monga pano pa mahandiredi, kuphatikiza kokha sikungakuuzeni. Amene akunena kuti wapeza yankho pamenepa ndiye kuti wabwereranso ku kulota. Maonekedwe a banga angathandize kuchotsapo manambala ena, mwachitsanzo ngati pansi pake pakuoneka pozungulira ndiye kuti si 4 kapena 7, koma maso agwiritseni ntchito pochotsa, osati posankha.

Mwamwayi lisiti la m'makina silithera pa TOTAL. Pansi pake pamakhala CASH, ndalama zimene wogula anapereka, ndi CHANGE, zimene anabwezeredwa. Kuchotsa yachiwiri pa yoyamba kumabala TOTAL. Pa chithunzi choyamba mizere iwiriyi inabisika ndi chala chachikulu cha mayi aja, amene ankagwira pepala kuti lisauluke. Koma pansi penipeni pankaoneka mzere wina umene anthu ambiri sauyang'ana n'komwe: VAT K442.07.

Msonkho umenewu kuno ku Zambia ndi 16 pa 100 iliyonse, ndipo m'sitolo umakhala uli kale m'kati mwa mtengo umene mumalipira. Katundu wa K100 akaikidwa msonkho amagulidwa K116, ndiye kuti pa K116 iliyonse imene mwapereka, K16 ndi ya boma. Kuchepetsa manambalawa, ndi K4 pa K29 iliyonse. Choncho mukadziwa msonkho mukhoza kubwerera chambuyo n'kupeza ndalama zonse: chulukitsani msonkho ndi 29, mugawe ndi 4. Pa lisiti lathu, 442.07 kuchulukitsa ndi 29 ndi 12,820.03, kugawa ndi 4 ndi 3,205 ndi kachidutswa kosakwana ngwee imodzi, kobwera chifukwa makina amadula msonkho pa ngwee. TOTAL ndi K3,205, ndipo kuchotsapo 2,525 kumasiya K680 ya waya. Palibe yankho lina limene lingalowe, chifukwa K100 iliyonse imasuntha msonkho ndi K13.79. TOTAL ikanakhala K3,105 msonkho ukanalembedwa K428.28, ndipo pa K2,905 ya membala uja ukanakhala K400.69. Mmawa mwake mayiwo atajambulanso lisiti atachotsapo chala, panaoneka CASH K3,500.00 ndi CHANGE K295.00. Kuchotsera, ndi K3,205 yomweyo. Mboni ziwiri zosapangana zinanena chimodzi.

Mzere wa msonkhowu uli ndi misampha yake, ndipo ndaona aphunzitsi enieni akukodwamo. Wina amatenga 16 pa 100 ya K3,205, n'kupeza K512.80, n'kunena kuti sitolo yalakwitsa, kuiwala kuti K3,205 ili kale ndi msonkho m'kati. Wina amaphatikiza K442.07 pamwamba pa TOTAL n'kumanena kuti katundu anadya K3,647.07. Ndiponso njira ya 29 ndi 4 imagwira pokhapokha katundu yense wa pa lisiti ali wolipira msonkhowo. Simenti, malata ndi penti zili choncho, koma pa lisiti la zakudya za pamaliro pamene pali ufa wa nsima pamodzi ndi sopo ndi zakumwa, katundu wina salipira VAT, ndipo masamuwa akupatsani nambala yochepa. Pamenepo dalirani CASH ndi CHANGE, kapena uthenga wa pa foni ngati munalipira ndi Airtel Money kapena MTN. Ife a m'malire tili ndi msampha winanso. Katundu wina timagula kutsidya ku Mchinji, kumene ndalama imatchedwanso kwacha koma mphamvu yake ndi ina, ndipo msonkho wawo suli 16 pa 100. Musanayambe masamu aliwonse, werengani pamwamba pa lisiti muone dzina la tauni.

Nanga lisiti likakhala lowerengeka koma masamu anu sakukumana ndi TOTAL? Musathamangire ku sitolo, yambani mwayang'ana kusiyanako, chifukwa kukula kwake kumaloza kumene kwalakwika. Kukafanana ndendende ndi mtengo wa mzere umodzi, ndiye kuti mzerewo mwaulumpha, mwauwerenga kawiri, kapena wogulitsa anaulowetsa kawiri m'makina. Kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti manambala awiri asinthana malo pokopera. Mukalemba 153 m'malo mwa 135, kusiyana ndi 18. Mukalemba 1,610 m'malo mwa 1,160, kusiyana ndi 450. Onsewa amagawika ndi 9. Olemba mabuku a ndalama akhala akugwiritsa ntchito njira imeneyi kuyambira kale, ndipo imagwiranso kadontho kakasochera: K1,160 ikawerengedwa K116, kusiyana ndi 1,044, amene ndi 116 kuchulukitsa ndi 9. Kadontho ndi kamchira kolekanitsa masauzande ndizo zimayamba kusowa pa chithunzi, ndipo m'magulu mwathu muli akuluakulu amene mpaka lero amawerenga ndalama mwakale, monga zinalili boma lisanachotse maziro atatu pa kwacha mu Januwale 2013. Mukamawawerengera, tchulani nambala yonse ndi mawu, musangowaonetsa foni. Ngati mwayesa zonsezi ndipo cholakwa chilidi cha sitolo, bwererani komweko ndi pepala lenileni. Akakana kukumverani, kuli bungwe la boma loteteza ogula, la Competition and Consumer Protection Commission.

Ndikudziwa zimene ena anene. Masitolo ambiri a kuno kwathu alibe makina, amalemba ndi bolopeni m'kabuku, ndipo mulibe mzere wa VAT kapena CHANGE. Zoona. Koma kabuku kaja kamakhala ndi pepala lachiwiri lotsala ku sitolo, lolembedwa ndi kaboni, ndipo lisiti lililonse lili ndi nambala yake pakona ndi deti. Masamu akakanika, munthu mmodzi apite ndi nambalayo akapemphe kuona pepala lotsalalo. Pa malisiti ena ndalama zonse zimalembedwanso ndi mawu, ndipo mawu savuta kuwazindikira ngakhale chilembo chimodzi chitafufutika. Kwa masitolo olembetsa VAT, kuyambira mu Julaye 2024 bungwe la misonkho la ZRA linakhazikitsa Smart Invoice, kotero zogulitsa zawo zimasungidwa m'makina, ndipo kupempha kuti akuonereni lisiti lanu ndi nambala yake si kupempha chinthu chachilendo.

Ena anganene kuti masamu onsewa ndi kusakhulupirirana, kuti anthu opemphera limodzi sayenera kuwerengerana ngwee. Ine ndikuona mosiyana. Amene amapindula kwambiri ndi masamu ndi wotumidwa wokhulupirika, chifukwa popanda masamu chimene chimatsala ndi mphekesera, ndipo mphekesera sizifuna umboni. Mayi wa khola la nkhuku uja sanayeretsedwe ndi kulira kwake kapena ndi mbiri yake yabwino, ngakhale zonsezo zinalipo. Anayeretsedwa ndi K442.07. Chimene ndikuvomereza ndi chakuti malo ochitira masamu si gulu la WhatsApp, kumene aliyense amaponya nambala yake pakati pa usiku. Akhale anthu awiri a m'komiti, wotumidwayo ali pomwepo, pepala lenileni lili pa tebulo, aliyense awerengere payekha, mmodzi kuchokera pamwamba kutsika, wina kuchokera pansi kukwera. Akakumana pa nambala imodzi, ndiye aitengere ku msonkhano.

Komanso tisawapatse masamu ulemu woposa umene ali nawo. Lisiti logwirizana bwino limangosonyeza kuti pepalalo silikudzitsutsa lokha. Silikusonyeza kuti matumba asanu ndi limodzi anafikadi pa khola, kapena kuti lisiti la bolopeni silinalembedwe mtengo wokwera mwa pangano ndi wogulitsa. Wakuba wochenjera amabweretsa lisiti loyera, lopanda banga ngakhale limodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimadabwa tikamalimbana ndi lofufutika n'kumalandira loyera osalifunsa. Pepala likatha, pitani mukawerenge malata ndi manja, mukaone zitini za penti, mukafunse mtengo wa waya kwa wina amene wagula mwezi womwewo. Mu nkhani yathu ija, K450 ya thiransipoti inalibe lisiti lililonse, ndipo palibe anaifunsa. Ngati pali ndalama imene inafunika mboni, inali imeneyo. Gulu lizigwirizana za thiransipoti munthu asananyamuke, ndipo zilembedwe m'buku.

Kwa inu amene mumatumidwa, lijambuleni lisiti musanatuluke m'sitolo, lisanakumane ndi chitenje. Liyaleni pa kauntala, mulipsinje ndi ndalama yachitsulo m'makona m'malo mwa chala, pamthunzi, osayatsa kuwala kwa kamera chifukwa pepalali limanyezimira. Lilowe lonse, kuyambira dzina la sitolo mpaka mzere womaliza, ndipo likatalika jambulani kawiri, mzere umodzi wapakati uoneke pa zithunzi zonse ziwiri kuti wina asadzati mwabisa pakati. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document m'malo mwa chithunzi wamba, chifukwa chotumizidwa choncho sichichepetsedwa. Pepalalo musalimate ndi selotepi m'buku la gulu, guluu wake amafufuta zilembo, ndipo musalipititse ku makina okutira ndi pulasitiki, kutentha kwake kumalidetsa lonse. Liikeni mu envulopu, ndipo msungichuma akopere mizere yake m'buku sabata yomweyo.

Nambala ikayamba kuzimirira, musaidutsenso ndi bolopeni kuti ioneke. Mukhoza kulemba yoona ndithu, koma kuyambira pamenepo palibe angasiyanitse cholemba sitolo ndi cholemba inu, ndipo lisiti limene likanakuyeretsani limasanduka lokayikitsa. Lembani nambalayo kumbali pa pepala lina, ndi masamu amene anaipeza, anthu awiri aja asayinepo.